Chiphaso chokanidwa chisanapangidwe

Tiyerekeze kuti ndi Lolemba m'mawa, 8 koloko yangokwana. Kalaliki wina wakhala pa desiki, walemba dzina ndi pasiwedi yake bwinobwino, koma kompyuta yamubweza. Wayesanso, yamukananso. Mnzake wa desiki yoyandikana walowa osavutika. Akaitanidwa wa zamakompyuta, mawu oyamba amakhala akuti, "Mwina mwaiwala pasiwedi, achimwene." Chonsecho munthuyo sanaiwale kanthu. Vuto lili kutali ndi iye, m'chipinda mmene muli maseva, makompyuta akuluakulu amene amatumikira ena onse. Awiri mwa iwo asiya kugwirizana pa funso loti panopa ndi nthawi yanji.

Seva iliyonse ili ndi wotchi yakeyake. Imawerenga nthawi potsata kunjenjemera kwa kamwala kakang'ono kotchedwa kwatsi, monga zimachitira wotchi zapamkono. Kamwala ka wotchi yoyendera batire yomwe ili mkati mwa kompyuta kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi. Koma palibe timiyala tiwiri tofanana ndendende, ndipo kutentha ndi kuzizira kumasintha liwiro lake. Kamwala kabwinobwino kakhoza kuphonya ndi magawo 20 pa miliyoni, zomwe ndi sekondi imodzi ndi theka ndi kakapitirira pa tsiku. Zikumveka zochepa. Koma seva ina ikamathamanga motero, inzake n'kumatsalira mofanana, zimatalikirana ndi masekondi atatu ndi theka tsiku lililonse. Pakutha masiku khumi ndi awiri zasiyana ndi masekondi 40, ndipo miyezi itatu isanathe zasiyana ndi mphindi zisanu.

Nanga nthawi ikukhudzana bwanji ndi kulowa pa kompyuta? Mukalemba pasiwedi, seva imodzi imakutsimikizani n'kukupatsani chiphaso, chimene akatswiri amati tokeni. Maseva ena onse safunsanso pasiwedi, amangoyang'ana chiphasocho. Kuti chikabedwa chisagwire ntchito mpaka kalekale, chimalembedwa nthawi. Mtundu wofala wa JWT uli ndi malo atatu a zimenezi: `iat` ndi nthawi imene chinapangidwa, `nbf` ndi nthawi imene chingayambe kulandiridwa, ndipo `exp` ndi nthawi yothera. Apa ndiye pagona nkhani: amene amalemba nthawizi ndi seva ina, amene amaziwerenga ndi seva inanso, aliyense akukhulupirira wotchi yake.

Tibwerere kwa kalaliki uja. Seva yopereka ziphaso yathamanga ndi masekondi 40. Nthawi yeniyeni ili 08:00:00, koma iyo ikulemba pa `nbf` kuti 08:00:40. Patapita sekondi imodzi chiphaso chafika kwa seva yachiwiri, yomwe wotchi yake ili bwino. Ikuona chiphaso chimene nthawi yake sinakwane, ndipo ikuchikana, monga momwe inapangidwira. Kalaliki akayesanso amalandira chiphaso chatsopano chokhala ndi chilema chomwecho. Mnzake uja anangochita mwayi: maofesi ambiri amakhala ndi maseva angapo ogawana ntchito, ndipo iye anagwera pa ina yomwe wotchi yake sinasokonekere. N'chifukwa chake vutoli limatopetsa, limagwira uyu n'kusiya uyo.

Katswiri akathedwa nzeru amathamangira ku malogi, kaundula mmene seva iliyonse imalemba zimene yachita ndi nthawi yake. Akaphatikiza a maseva awiriwo n'kuwasanja motsatira nthawi, amapeza izi:

```
08:00:01 seva-b token not yet valid
08:00:40 seva-a token issued
```

Mwa maonekedwe, chiphaso chinakanidwa masekondi 39 chisanapangidwe. Mwana wabadwa mayi ake asanabadwe. Ine ndimaona kuti apa ndi poopsa kuposa pa kukanidwa paja, chifukwa kaundula ndiye mboni imene aliyense amaidalira. Munthu akhoza kutha tsiku lonse akusaka wakuba amene kulibe, kapena kuimba mlandu seva yosalakwa poti ndiyo ikuoneka yoyamba kudandaula. Ngati nkhani ndi ya ndalama, yofuna kudziwa chimene chinayamba pakati pa kulipira ndi kuletsa, masekondi ochepawo angachititse kuti wosalakwa aoneke wabodza.

Palinso mbali ina imene sipanga phokoso. Seva yoyang'ana ziphaso ikatsalira ndi mphindi khumi, imapitiriza kulandira ziphaso zotha ntchito kwa mphindi khumi zina. Pa ziphaso zothazo palibe amene amadandaula.

Opanga njira zimenezi ankadziwa kuti wotchi sizingafanane kotheratu, ndiye anasiya kampata. Kerberos, imene imalowetsa anthu m'maofesi ogwiritsa ntchito Active Directory ya Windows, imalola kusiyana kwa mphindi zisanu. Kupyola apo imayankha kuti `Clock skew too great`. Manambala asanu ndi limodzi a mu Google Authenticator amasintha masekondi 30 alionse, ndipo maseva ambiri amalandiranso nambala yangotha kumene. Pa JWT, olemba mapulogalamu amakonda kusiya masekondi 30 kapena 60, koma ena saika n'komwe. Vuto likabuka, chiyeso chimakhala chongokulitsa mpatawo. Kumeneko n'kuphimba chilonda: wotchi ipitiriza kusochera, ndipo wakuba chiphaso mwamuwonjezera nthawi.

Mankhwala enieni ndi akale. David Mills, amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Delaware ku America, anapanga NTP, imene inalembedwa koyamba mu 1985. Seva imafunsa nthawi kwa maseva ena odalirika, imachotserapo nthawi imene funso ndi yankho zatha panjira, kenako imakonza wotchi yake. Pa intaneti wamba izi zimafikitsa kusiyana pa tizigawo tochepa ta sekondi. Choncho mukapeza maseva atasiyana ndi masekondi 40, dziwani kuti NTP inasiya kugwira ntchito kalekale. Kawirikawiri wina anatseka khomo la UDP nambala 123 pokhwimitsa chitetezo cha netiweki. Nthawi zina ndi kabatire ka CR2032 ka mkati mwa makina katha, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso, seva imadzuka ndi deti lolakwika. Pa Linux kufufuza kwake sikutenga mphindi:

```
timedatectl
chronyc tracking
```

Lamulo loyamba likaonetsa `System clock synchronized: no`, wolakwa mwamupeza. Lachiwiri, pa mzere wa `System time`, limanena kuti wotchi yathamanga kapena yatsalira ndi masekondi angati. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: malogi akasiyana ndi maola awiri ndendende, si wotchi yosochera ayi. Seva ina ikulemba nthawi ya UTC, ina ya kuno kwathu, imene ili patsogolo ndi maola awiri.

Pokonza pamafunika kuleza mtima. Kubweza wotchi m'mbuyo kamodzin'kamodzi pa seva yomwe ili pa ntchito kumachititsa kuti masekondi 40 omwewo achitike kawiri, ndipo kaundula amasokonekera kuposa poyamba. N'chifukwa chake `chrony`, seva ikangomaliza kudzuka, imakonda kuchedwetsa kapena kufulumizitsa wotchi pang'onopang'ono mpaka ifike pamzere.

Ngakhale zonse zili bwino, wotchi ziwiri sizingakuuzeni motsimikiza chimene chinayamba pa zinthu zochitika moyandikana kwambiri. Leslie Lamport anafotokoza zimenezi mu 1978: chodalirika ndi chakuti uthenga sungalandiridwe usanatumizidwe. Akatswiri ochenjera amapatsa pempho lililonse nambala yake yoti iziyenda nalo pa seva iliyonse. Pa nkhani ya kalaliki uja, nambalayo ikanaonetsa kuti mizere iwiri ija ndi ya ulendo umodzi, kuti wachiwiri ndiwo unayamba, ndipo katswiri akanapita kukayang'ana wotchi ya `seva-a` asanapemphe munthu kusintha pasiwedi.