Kutchuna PID kuti Hita Isaphe Anapiye m'Mazira

Mu khonde la kuseri kwa nyumba yanga muli firiji yakale imene ndinaisandutsa makina oswetsa mazira. Mkati mwake muli hita ya mawati 100, kafani kozunguza mpweya, mbale ya madzi ndi sensa yoyeza kutentha imene ili pa msinkhu wa mazira. Pachitseko pali kabokosi kowonetsa manambala awiri. Yapamwamba, `PV`, ndi kutentha kumene kulipo. Yapansi, `SV`, ndi kutentha kumene ndikufuna, madigiri 37.5. Mazira a nkhuku amafuna kutentha kumeneku kwa masiku 21, ndipo kukapitirira 40 kwa maola angapo anapiye amafera m'zikamba. Ntchito yonse ya kabokosiko ndi kuyandikanitsa manambala awiriwo, ndipo njira imene kamatsata imatchedwa PID.

Ambiri amayamba ndi swichi wamba yoyatsa hita kukazizira ndi kuizimitsa kukatentha. Vuto lake ndi kuchedwa. Hita ikayaka, kutentha sikufika pa sensa nthawi yomweyo. M'firiji yanga pamapita pafupifupi mphindi imodzi, ndipo hita ikazima waya wake amapitirizabe kutulutsa kutentha. Aliyense amene anaphikapo nsima pa mbaula amadziwa izi: ungaphule makala ena, koma mbaulayo sizizira pompo. Choncho kutentha kumangokwera ndi kutsika modutsa malire. PID imayesa kupatsa hita mphamvu yapakatikati. Imachita zimenezi poyatsa ndi kuzimitsa mofulumira kudzera pa swichi yopanda zogundana mkati, yolembedwa `SSR`. Pa masekondi awiri alionse, mphamvu ya 40 peresenti ndiye kuti hita yayaka kwa masekondi 0.8, nthawi yotsalayo yazima.

Chilembo choyamba, P, chimayang'ana mpata umene ulipo pakati pa `SV` ndi `PV` panopa, n'kuuchulukitsa ndi nambala imene mwasankha, yotchedwa `Kp`. Tiyerekeze kuti `Kp` ndi 20. Ndiye kuti digiri iliyonse yoperewera imapatsa hita 20 peresenti ya mphamvu zake. Mukaperewera madigiri asanu hita imayaka yonse, mukaperewera digiri imodzi imayaka 20 peresenti.

Apa pali chinthu chimene chinandizunguza mutu masiku oyamba. Ndinasiya P yekha akugwira ntchito, ndipo kutentha kunakwera bwinobwino mpaka 35.7, kenako kunaima. Ndinadikira ola lathunthu, osasuntha. Ndinaganiza kuti hita yafooka, koma inalibe vuto. Firijiyo imataya kutentha kudzera m'zipupa ndi m'mabowo a mpweya, ndipo panja pakakhala pa 22 imafuna pafupifupi 40 peresenti ya mphamvu kuti ikhazikike pa 37.5. Koma P amapereka mphamvu pokhapokha pali mpata. Mpata ukatha, naye amapereka ziro, bokosi n'kuyamba kuzizira. Ndiye zinthu zimakhazikika penapake pansi, pamene mpata wotsala ukubala mphamvu yokwanira kubweza kutentha kumene kukutayika. Pa ine mpatawo unali madigiri 1.8, ndipo 1.8 kuchulukitsa ndi 20 ndi pafupifupi 36 peresenti.

Maganizo oyamba ndi kukweza `Kp`. Nditaika 40, kutentha kunafika 36.6. Nditaika 80 kunayandikira 37, koma kunasiya kukhazikika. Kunayamba kukwera ndi kutsika mosalekeza, ulendo umodzi wokwera ndi kutsika ukutenga mphindi zinayi. Chochititsa ndi kuchedwa kuja: kabokosi kamalamula mwamphamvu potengera uthenga wa mphindi imodzi yapitayo, ndiye kamapitiriza kukankha pamene kakanayenera kuleka.

Kugwedezeka kumeneku kuli ndi phindu. Mu 1942 John Ziegler ndi Nathaniel Nichols, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Taylor Instrument mumzinda wa Rochester ku America, anasindikiza njira yotchunira imene imayambira pomwepa. Mumakweza `Kp` mpaka kugwedezeka kukhale kosakula komanso kosachepa, n'kulemba manambala awiri: `Kp` amene wabweretsa zimenezo, ndi nthawi ya ulendo umodzi. Kwa ine anali 80 ndi masekondi 240. Ngati mugwiritsa ntchito P ndi I okha, lamulo lawo limati mutenge 0.45 ya nambala yoyamba, ndipo yachiwiri muigawe ndi 1.2. Zimenezi zinandipatsa `Kp` wa 36 ndi nthawi ya I ya masekondi 200. Manambala a akuluakulu awiriwa ndi aukali, amafikitsa msanga koma amadumphitsa malire. Mazira sathamangira kulikonse, choncho ndinafewetsa: `Kp` 25, nthawi ya I masekondi 400. Zonsezi muziyesa m'bokosi mulibe mazira. Ikanimo mabotolo a madzi m'malo mwake, popeza bokosi lopanda kanthu limatentha msanga kuposa lodzaza.

Chenjezo limodzi musanakhudze mabatani. Pa timabokosi tambiri togula m'sitolo, monga REX-C100, nambala yolembedwa `P` si `Kp` ayi, koma kukula kwa mpata umene hita imayakira yonse. Mumaipeza pogawa 100 ndi `Kp`. `Kp` wa 25 ndi `P` wa madigiri 4. Motero kuchepetsa `P` ndiko kuwonjezera ukali. Anthu ambiri amasochera pamenepa: amaona kutentha kukugwedezeka, amatsitsa `P` poganiza kuti akuziziritsa zinthu, kugwedezeka n'kukulirakulira.

Chilembo chachiwiri, I, ndicho chimatseka mpata umene P amausiya. Ntchito yake ili ngati ya munthu wosunga kaundula wa ngongole. Sekondi iliyonse imene kutentha kwaperewera, iye amalemba, ndipo zolembazo zimawonjezera mphamvu ya hita pang'onopang'ono. Nthawi ya I imatiuza liwiro lake. Ngati taperewera theka la digiri, P amapereka 12.5 peresenti, ndipo I amawonjezera 12.5 ina pa masekondi 400 alionse mpata ukadalipo. Kutentha kukafika 37.5, P amakhala pa ziro, koma kaundula wa I amakhala atafika pa 40 peresenti ija ndipo amaigwirabe. Usiku wa mu Juni kukazizira, iye amakweza yekha. Masana a mu Okutobala amatsitsa. Nthawi ya I ikafupika kwambiri kugwedezeka kumabweranso, koma kwaulesi, ulendo wake wotalika kuposa uja wa P. Mukayeza ndi wotchi mudziwa wolakwa ndani.

Za D sindichulukitsa. Iye amayang'ana liwiro limene kutentha kukusinthira, n'kuponda buleki kukamakwera mothamanga. Amathandiza pa ng'anjo zochedwa kwambiri, koma amadzidzimuka ndi kanthu kalikonse, ngakhale kamphepo ka fani kogunda sensa. M'firiji yanga ndinamuika pa ziro, ndipo sindinamusowepo.

Tsoka lenileni linachokera kwa I. Chaka china ndinachotsa kabokosi kogula kaja n'kuika Arduino, pulogalamu ndikulemba ndekha. Manambala anali omwe aja, otchunidwa bwino. M'mawa wina ndinayatsa makina ali ozizira, pa 22, n'kupita kukamwetsa nkhuku. Pobwera ndinapeza 42, hita ikadali yofiira. Mwamwayi munali mabotolo okhaokha, koma ndinaima pamenepo mtima uli phaphapha, ndikuganiza za mathireyi awiri a mazira amene ndinkafuna kuika tsiku lomwelo.

Nditakhala pansi ndi pepala, nkhani inaoneka. Kuchoka pa 22 kufika pa 37.5 kumatenga mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono, hita ikuyaka yonse. Nthawi yonseyi hita singapereke zoposa 100 peresenti, koma I sadziwa zimenezo. Iye amangoona mpata waukulu, wa madigiri pafupifupi 8 tikaphatikiza ulendo wonse, n'kumalemba. Tiwerengere: 25 kuchulukitsa ndi 8 ndi 200, ndipo masekondi 600 ndi nthawi ya I imodzi ndi theka, ndiye kaundula amafika pa 300 peresenti. Chofunika chinali 40 yokha. Kutentha kukafika 37.5, P amaleka kukankha, koma I akulamulabe 300, ndipo hita imayakabe yonse. Kaundulayo amatsika pokhapokha kutentha kukhale pamwamba pa `SV`, choncho bokosi liyenera kupsa kwa nthawi yaitali kuti ngongole yabodzayo ifafanizike. Amisiri amati wayindapu, kutanthauza kudzikundikira kwa I pa nthawi imene hita yafika kale pa malire ake.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchidziwa. Makina amayenda mwabata tsiku lonse, koma amadumpha malire kwambiri kamodzi kokha pambuyo pa chochitika chachikulu: kuyatsa ali ozizira, kusiya chitseko chotsegula potembenuza mazira, kapena magetsi kuzima pamene kabokosi kali pa batire koma hita ilibe mphamvu. Chomalizachi n'choopsa kwambiri kwa ife amene magetsi amatithawa kawirikawiri, chifukwa I amatha kulemba kwa maola atatu, magetsi n'kubwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Kuchepetsa `Kp` sikuchiza matendawa. Kutalikitsa nthawi ya I kumangowachepetsa, n'kusiya makina aulesi.

Mankhwala ake ndi kuletsa I kulemba pamene hita yafika pa malire. M'pulogalamu ndi mizere yochepa, pamene `e` ndi mpata, `dt` ndi nthawi ya pakati pa miyeso, ndipo `u` ndi mphamvu yopita ku hita:

```
u = Kp*e + I
if u > 0 and u < 100:
    I = I + Kp*e*dt/Ti
u = max(0, min(100, u))
```

Ndi `Kp` wa 25, kaundula satsegulidwa mpaka mpata utachepera madigiri 4, ndiye kuti kutentha kutadutsa 33.5. Kuyambira pamenepo amalemba zochepa, ndipo nditayesanso makina ozizira kutentha kunangodutsa 37.5 pang'ono n'kubwerera. Pa REX-C100 ntchitoyi ili pa `Ar`, imene imachepetsa dera limene I amaloledwa kugwiramo ntchito. Ngati mwatchuna ndi `ATU`, imene imayesa bokosi n'kusankha manambala yokha, yesanibe kuyatsa makina ozizira ndi kutsegula chitseko kwa mphindi ziwiri, maso ali pa `PV`.

Pa waya wopita ku hita ndinawonjezeranso swichi ina yodziimira payokha, yodula magetsi kutentha kukafika 39. `SSR` ikawonongeka nthawi zambiri imafa ili yoyatsa, ndipo zikatero kabokosi kangalamule ziro koma hita osamva. Swichi imeneyo ndimaiyesa ndi mabotolo a madzi nthawi iliyonse ndisanaike mazira atsopano.