Yankho ndi lolondola, nanga nthawi ikuthera pati?

Aphunzitsi amene amaphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta ku yunivesite amaidziwa bwino kalata iyi. Imafika ophunzira akangoyamba kugwiritsa ntchito njira yoti fankishoni izidziitana yokha, imene akatswiri amaitcha rikeshoni. Mawu amasiyana pang'ono, koma dandaulo limakhala limodzi, ndipo nthawi zambiri limamveka chonchi:

"Aphunzitsi, pepani kukuvutitsani. Ntchito ya masitepe ija ndailemba, ndipo ndikaiyesa ndi masitepe 5 ikupereka 8, ndi masitepe 10 ikupereka 89, monga momwe zilili pa zitsanzo zimene munatipatsa. Ndawerengeranso pamanja, palibe cholakwika. Koma ndikaitumiza, makina ochongera akundibwezera `Time Limit Exceeded`. Kodi vuto ndi makinawo, kapena chinenero cha Python ndiye chochedwa? Chonde ndithandizeni, chifukwa sindikuona pamene ndalakwitsa."

Wophunzirayu sakunama. Pulogalamu yake ndi yolondola, ndipo ataipatsa nthawi yokwanira idzatulutsa yankho lenileni. Chimene sanaone n'chakuti makina ochongera amafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti yankho ndi lolondola kodi, lachiwiri ndi lakuti lafika nthawi isanathe kodi. Nthawiyo kawirikawiri imakhala sekondi imodzi kapena awiri pa chiyeso chilichonse, ndipo ziyeso zobisika zimakhala ndi manambala aakulu kuposa zitsanzo zimene wophunzira amaona.

Ntchito yake ndi iyi. Munthu akukwera masitepe, ndipo pa kuponda kulikonse akhoza kukwera sitepe imodzi kapena kudumpha awiri. Ngati masitepe alipo n, pali njira zingati zofikira pamwamba? Masitepe atatu ali ndi njira zitatu: imodzi katatu, imodzi kenako awiri, kapena awiri kenako imodzi. Nzeru imene wophunzira anagwiritsa ntchito ndi yabwino kwambiri. Aliyense amene wafika pa sitepe ya n wachokera pa sitepe ya n-1 kapena ya n-2, kulibenso kwina. Choncho njira zofikira pa n ndi njira zofikira pa n-1 kuphatikiza njira zofikira pa n-2. Zimenezi zikalembedwa mu Python zimaoneka chonchi:

```python
def njira(n):
    if n <= 1:
        return 1
    return njira(n - 1) + njira(n - 2)
```

Mizere ndi inayi yokha, ndipo m'pamene chinyengo chagona. Diso likaona pulogalamu yaifupi limaganiza kuti ntchito yake ndi yochepa.

Mphunzitsi wodziwa ntchito sathamangira kupereka pulogalamu yokonzedwa. Amamuuza wophunzira kuti atenge pepala n'kulemba kuitana kulikonse kumene kumachitika pa `njira(5)`. Kuti ipeze yankho, `njira(5)` imaitana `njira(4)` ndi `njira(3)`. Koma `njira(4)` nayo imaitana `njira(3)` yakeyake, n'kuiwerengera mpaka pansi. Ikamaliza, yankho lija limatayika, moti pamene `njira(5)` yafika pa `njira(3)` yachiwiri imayambiranso pachiyambi ngati siinaionepo. Mukawerenga zonse mupeza kuti `njira(3)` yawerengeredwa kawiri, `njira(2)` katatu, `njira(1)` kasanu, `njira(0)` katatu. Pamodzi ndi ziwiri zapamwamba zija, fankishoni yaitanidwa ka 15 kuti iyankhe mafunso 6 okha osiyana.

Kuitana ka 15 si kanthu kwa kompyuta, n'chifukwa chake zitsanzo zing'onozing'ono zimadutsa bwinobwino. Koma tayang'anitsitsani mizere inayi ija. Malo okhawo amene nambala imabadwira ndi pa `return 1`. Kwina konse pulogalamu ikungophatikiza zimene yalandira. Ndiye ngati yankho lili 89, pulogalamuyo yafika pa `return 1` ka 89, n'kuwunjika ma 1 amenewo limodzilimodzi. Ikuwerenga njira iliyonse payokha. Kukula kwa yankho ndiko kukula kwa ntchito, ndipo chiwerengero chenicheni cha kuitana ndi yankho kuchulukitsa kawiri, kuchotsapo 1. Pa masitepe 5 ndi 8 kawiri kuchotsa 1, ndiye 15 uja. Pa masitepe 10 ndi 177.

Mayankho a funsoli amakula mofulumira zedi, chifukwa ndi manambala a Fibonacci, aja amayenda 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, amene anatchuka ku Ulaya kudzera m'buku la Leonardo wa ku Pisa la mu 1202. Nambala iliyonse imaposa inzake yam'mbuyo pafupifupi ka 1.618. Masitepe 30 ali ndi njira 1,346,269, kotero fankishoni imaitanidwa ka 2,692,537. Masitepe 45 ali ndi njira 1,836,311,903, ndipo kuitana kumafika 3,672,623,805. Tiyerekeze kuti kompyuta ikutha kuitana fankishoni ka 10 miliyoni pa sekondi. Masitepe 30 atha sekondi isanakwane. Masitepe 35 atenga pafupifupi masekondi atatu. Masitepe 45 atenga mphindi zoposa 6, pamene makina ochongera amadikira sekondi imodzi kapena awiri.

Apa tikhoza kuyankha funso la wophunzira lakuti mwina Python ndiye yochedwa. Inde, pa ntchito ngati iyi Python imachedwa poyerekeza ndi C++, koma kusintha chinenero kumangosuntha khoma pang'ono. Masitepe asanu aliwonse owonjezera amachulukitsa ntchito pafupifupi ka 11. Choncho kompyuta yothamanga ka 10 kuposa yanu ingokugulirani masitepe asanu, ndipo yothamanga ka 100 ingokugulirani khumi. Ineyo ndimaona kuti wophunzira akamvetsa mfundo imeneyi, wapindula kuposa akanangopatsidwa pulogalamu yodutsa.

Munthu angadziwe bwanji yekha kuti vuto lake ndi limeneli, osati pulogalamu yongozungulira osatha? Njira yosavuta ndi kuyesa nthawi pa manambala okwera pang'onopang'ono: 25, 30, 35. Ngati kuwonjezera 5 kukuchulukitsa nthawi ka 10 kapena kuposa, ndiye kuti ntchito ikukula mochulukitsa, osati mophatikiza. Njira ina ndi kuika mzere wa `print(n)` pamwamba pa fankishoni n'kuyesa nambala yaing'ono ngati 6. Mukaona nambala imodzimodzi ikutuluka mobwerezabwereza, mwapeza pamene nthawi ikuthera. Funso loti mudzifunse ndi ili: mafunso osiyana alipo angati, nanga kuitana kulipo kungati? Pa masitepe 45 mafunso osiyana ndi 46 okha, kuyambira `njira(0)` mpaka `njira(45)`, koma kuitana kwapitirira mabiliyoni atatu.

Mankhwala ake amachokera pomwepo. Wagolosale akawerengera ngongole ya munthu amailemba m'kabuku, ndipo munthuyo akabweranso mawa sayambiranso kuwonkhetsa kuchokera mwezi watha, amangotsegula tsamba. Fankishoni nayo tingaipatse kabuku koti izilembamo yankho lililonse limene yapeza:

```python
kabuku = {}

def njira(n):
    if n <= 1:
        return 1
    if n not in kabuku:
        kabuku[n] = njira(n - 1) + njira(n - 2)
    return kabuku[n]
```

Nzeru ya wophunzira ija siinasinthe ngakhale pang'ono, ndipo fankishoni ikudziitanabe yokha. Kusiyana kwake n'kwakuti funso lililonse kuyambira 2 mpaka 45 likuwerengeredwa kamodzi kokha. Mafunso amenewo ndi 44, lililonse limaitana kawiri, ndiye 88, kuphatikiza kuitana koyamba kuja zikukwana 89. Tachoka pa mabiliyoni atatu ndi theka kufika pa 89. Njirayi imatchedwa memoyizeshoni, ndipo amene anaipatsa dzina ndi Donald Michie wa ku Britain mu 1968. Mu Python muli kale chida chochitira zimenezi, `functools.lru_cache`, koma ndi bwino wophunzira ayambe walemba kabukuko ndi manja ake kuti aone chimene chikuchitika.

Nthawi zambiri pamabwera kalata yachiwiri: "Aphunzitsi, kabuku kaja ndaikamo koma palibe chasintha." Mukayang'ana mupeza kuti mzere wa `kabuku = {}` wauika mkati mwa fankishoni. Zikatero kuitana kulikonse kumayamba ndi kabuku katsopano kopanda kanthu, ndipo palibe chimene chimakumbukiridwa. Kabukuko kayenera kukhala kunja, kapena kaziperekedwa kuchokera ku kuitana kwina kupita ku kwina. Ena amalemba yankho m'kabuku koma n'kuiwala kuyang'anamo asanayambe kuwerengera, zomwe zimabweretsa vuto lomwelo.

Palinso khoma lina limene kabuku sikaligwetsa. Ngati ntchito ilola masitepe 5,000, `njira(5000)` iyenera kudikira `njira(4999)`, imenenso ikudikira `njira(4998)`, mpaka pansi. Kuitana kulikonse kumene kukudikira kumasungidwa m'chikumbumtima cha kompyuta, ndipo Python mwachizolowezi imalola kuya kwa pafupifupi 1000. Kupitirira apo imaima n'kulemba `RecursionError`. Ili ndi vuto la kuya, losiyana ndi la kubwereza lija, ndipo njira yodalirika yolithetsera ndi kuyambira pansi kukwera m'mwamba, n'kumasunga mayankho awiri omaliza okha:

```python
def njira(n):
    a, b = 1, 1
    for _ in range(n - 1):
        a, b = b, a + b
    return b
```

Ophunzira ena akafika apa amaganiza kuti rikeshoni ndi yoipa ndipo aziipewa. Maganizo amenewo ndi olakwika. Fankishoni yochulukitsa manambala kuyambira 1 mpaka n imadziitana kamodzi pa gawo lililonse, ndipo ntchito yake imangokula molingana ndi n. Njira yosanja manambala powagawa pakati imadziitana kawiri ngati ya masitepe ija, komabe imathamanga, chifukwa theka lamanzere ndi theka lamanja sizigawana ntchito iliyonse, ndipo chilichonse ndi theka chabe la funso loyamba. Pa masitepe nthambi ziwirizo n'zazikulu pafupifupi ngati funso lenilenilo, n-1 ndi n-2, ndipo pafupifupi zonse zimene yachiwiri ikuchita yoyamba inazichita kale.

Kabuku nakonso sikachiza pulogalamu iliyonse yochedwa. Ntchito ikanakhala yoti musindikize njira iliyonse yokwerera masitepe 45, osati kungonena kuti zilipo zingati, mizere yoti ituluke ikanakhala 1,836,311,903, ndipo palibe nzeru imene ikanaichepetsa. N'chifukwa chake opereka ntchito zosindikiza zonse amaika malire aang'ono, mwina n asapitirire 15 kapena 20. Malire amene alembedwa pansi pa funso amanena zambiri za njira imene wolemba funso akuyembekezera, ndiye mphunzitsi akamayankha kalata ija amamupempha wophunzira kuti awerenge mzere umenewo kaye, awerengere kuti pulogalamu yake idzaitana kangati pa n wamkulu kwambiri, n'kuyerekeza chiwerengerocho ndi zimene kompyuta ingathe pa sekondi imodzi asanatumize.