Malembo Aakulu Ngati Malire a Mawu mu Hashitagi

M'nkhani ino ndifotokoza chifukwa chake liwu lililonse la mu hashitagi liyenera kuyamba ndi lembo lalikulu. Anthu osaona amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga NVDA, JAWS ndi VoiceOver, omwe amawawerengera mokweza zolembedwa pa kompyuta kapena pa foni. Mapulogalamuwa amadalira mipata kuti adziwe pamene liwu lathera. Tsono hashitagi silola mpata. Mpata ukangolowa, hashitagiyo yathera pomwepo. Mawu akalumikizana onse m'malembo aang'ono, pulogalamu imawatchula ngati liwu limodzi lalitali, nthawi zambiri losamveka.

Chitsanzo chabwino ndi cha mu 2013, pamene Margaret Thatcher anamwalira ku Britain. Anthu ankalemba #nowthatchersdead, ndipo ena, amaso omwe, anaganiza kuti wamwalira ndi woimba uja Cher. Vuto linali malire: kodi tidule pati? Tikalemba #NowThatchersDead tikunena za Thatcher, pomwe #NowThatChersDead ikunena za Cher. Malembo ndi omwewo, koma lembo lalikulu lotsatira laling'ono lagwira ntchito ya mpata, ndipo mapulogalamu ambiri amapatula mawu pamenepo. Kusintha kotere sikusokoneza kufufuza, popeza pofufuza hashitagi malembo aakulu ndi aang'ono amatengedwa chimodzimodzi.

Komabe njirayi imangoonetsa malire, siphunzitsa katchulidwe. Pulogalamu yolankhula Chingerezi idzapatula bwino #TsokaLaMnzako koma n'kupotoza liwu lililonse. Choncho ndikuona kuti wolemba azimvetsera yekha hashitagi yake pa pulogalamu yotere asanaitumize. Akamva mawu ataphatikizana, aonenso malembo ake.