Mipopi Ikauma, Tifunse Chimene Chinachitika

M'chaka cha 2011, Bambo David Damberger a bungwe la Engineers Without Borders la ku Canada anaulula pagulu zimene zinapezeka pa ntchito ina ya madzi muno m'Malawi. Mwa mipopi 113 yolandira madzi otsika okha kuchokera kuphiri, 81 inali itauma. Vuto linali lakuti omangawo sanakonze za amene adzasamale mapaipi iwo akachoka. Bungweli linayamba mu 2008 kusindikiza lipoti la zolephera zake, kuti ena asagwerenso m'mbuna yomweyo.

Kodi ife tingaunike motani ntchito yotere popanda kulozana chala? Asilikali a ku Amereka anayambitsa njira yake m'zaka za m'ma 1970. Onse amene anagwira ntchitoyo amakhala pamodzi isanaiwalike, nayankha mafunso anayi: Tinafuna kuchita chiyani? Chinachitika nchiyani? Zinasiyana chifukwa ninji? Tidzasintha chiyani?

Tiyerekeze kuti mpopi wa pasukulu ina kumapiri a Dedza wauma. Pamsonkhano pali mphunzitsi wamkulu, komiti ya madzi, mmisiri wa mapaipi, a mfumu, ndi amayi otunga madzi. Cholinga chinali madzi chaka chonse, koma iwo analeka m'nyengo ya dzinja. Apa wapampando alembetse masiku motsatana, aliyense anene zimene anaona ndi maso ake.

Funso lachitatu ndilo lofuna kudekha. Wina akati, "Mmisiri anachedwa," wapampando afunse chimene chinamchedwetsa. Mwina paipi yatsopano inasowa. Chifukwa ninji? Thumba la komiti linalibe ndalama. Nanga chifukwa ninji? Zopereka zinaikidwa kuti zizitoleredwa mwezi ndi mwezi, chikhalirecho alimi amagwira ndalama akagulitsa mbatatesi. Tsopano chovuta chapezeka m'makonzedwe a ntchito, ndipo makonzedwe amatheka kusintha: zopereka zitoleredwe pa nthawi yokolola, mapaipi apadera agulidwiretu. Pa mfundo iliyonse palembedwe dzina la woichita ndi tsiku lake.

Wapampando asakhale munthu amene amalemba malipoti okweza kapena kutsitsa anzakewo pa ntchito, pakuti palibe angaulule cholakwa chake pamaso pa womuweruza. Aang'ono ayambe kulankhula, akuluakulu atsirize. Msonkhano wosokonekera umadziwika msanga: amayi ndi amisiri amangokhala chete, ndipo lipoti limatha ndi mawu akuti "anthu a m'mudzi ndi osasamala." Mawu otere sakonza paipi ngakhale imodzi.

Njirayi ili ndi malire. Ngati ndalama zabedwa, umenewo ndi mlandu wa oyendera mabuku ndi bwalo la milandu, ndipo ukambidwe padera. Mukasakaniza ziwirizi, mboni zanu zonse zidzatseka pakamwa, ndipo mpopi womangidwa chaka chamawa udzauma monga unauma woyamba. Akale anati safunsa anadya phula.