Malipiro anali a bambo, nanga nyumba ndi ya yani banja likatha?

"Unabwera ndi chiyani pano? Tenga mapoto ako uzipita kwanu." Mawu amenewa amamveka kawirikawiri banja likamatha m'matauni mwathu, ndipo amayi ambiri amanyamuladi mapoto ndi zitenje n'kutuluka, poganiza kuti poti nyumba inagulidwa ndi malipiro a bambo ndiye kuti iwo alibepo gawo. Malamulo a dziko lino satero. Komanso sanena kuti aliyense amene analowa m'banja basi watenga theka la nyumba.

Tiyerekeze banja lina la ku Lilongwe lomwe lakhala zaka 16. Bambo ndi wogwira ntchito m'boma. Patatha zaka zitatu chikwatirane anagula puloti, natenga ngongole kubanki yomwe amadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo mapepala onse a nyumba ali m'dzina lawo. Mayi sanalembedwepo ntchito. Koma nthawi yomanga, bambo ali ku ofesi, mayi ndiwo ankakhala pa puloti kuwerenga matumba a simenti kuti asabedwe, kutunga madzi, kuphikira amisiri. Malipiro atachepa chifukwa cha ngongole ija, ufa, ndiwo ndi makala zinkachokera ku kageni kawo ka kaunjika. Ana atatu anawalera ndi iwowo.

Gawo 24 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi a 1994 limati banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa iye ndi mwamuna wake pamodzi. Mkangano wonse umagona pa mawu oti "pamodzi". Bwalo lalikulu la apilo, pa mlandu wa Sikwese ndi Banda womwe linagamula mu 2017, linafotokoza kuti ukwati pawokha susandutsa katundu yense kukhala wa onse awiri. Munthu wapabanja atha kukhala ndi chake payekha. Kuti chinthu chikhale cha onse, bwalo limafuna kuona ngati awiriwo anali ndi cholinga choti chikhale chawo limodzi, kaya ananena poyera kaya zikungoonekera m'zochita zawo, kapena ngati wodandaulayo anathandizapo kuti chipezeke.

Apa ndi pomwe lamulo la maukwati ndi kutha kwa banja la 2015 limathandiza mayi wathu uja. Gawo 74 limalamula bwalo kugawa katundu mwachilungamo, ndipo mwa zina zomwe liyenera kuyang'ana ndi zomwe aliyense anathandizapo, mwachindunji kapena mwa njira ina, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Kuphika, kuchapa, kulera ana ndi kudwazika matenda zimawerengedwa. Ine ndikuona kuti lamuloli linagwira mfundo yeniyeni. Bambo anatha kupereka gawo lalikulu la malipiro awo kubanki chifukwa wina ankadyetsa banja. Akanati azigula okha ndiwo, azilipira wantchito komanso kapitawo woyang'anira amisiri, ngongole ija sakanaikwanitsa. Ndalama ya mayi sinagule lata ngakhale limodzi, koma ndiyo inamasula ndalama imene inagula malatawo.

Tsono kugawa kwake kumayenda bwanji? Nyumba sidulidwa pakati. Choyamba amaitana katswiri wovomerezeka woyeza mtengo wa nyumba, osati kungomva za madobadoba. Tinene kuti waipeza kuti ndi ya K60 miliyoni, ndipo kubanki kwatsala ngongole ya K10 miliyoni. Chogawana ndi K50 miliyoni, pakuti ngongole imayamba yachotsedwa. Bwalo likaona kuti awiriwa anamanga nyumbayo ngati khomo lawo ndipo palibe umboni wosonyeza kuti anagwirizana zina, litha kugamula kuti agawane pakatimpakati, aliyense K25 miliyoni. Likaona kuti mbali ya bambo ikulemerapo, mwina chifukwa anaikapo ndalama za chuma cha masiye cha makolo awo, litha kunena kuti bambo atenge K30 miliyoni, mayi K20 miliyoni. Lamulo silinaike nambala yokhazikika. Woweruza amayang'ananso zomwe aliyense amapeza, msinkhu ndi thanzi lake, komanso udindo umene watsala nawo, monga kusunga ana.

Gawo likadziwika, wofuna kutsala m'nyumbamo amalipira mnzake ndalama ya gawo lake. Akalephera, nyumba imagulitsidwa n'kugawana ndalamazo. Mabanja ena amagwirizana kuti amene akusunga ana akhalebe momwemo mpaka anawo atakula, kugulitsa kudzabwere pambuyo, ndipo mgwirizano wotere ndi bwino ulembedwe n'kuvomerezedwa ndi bwalo, osati kungolankhulana pamaso pa ankhoswe.

Nkhani imasintha ngati bambo anagula ndi kumaliza nyumbayo asanakwatire, mayi n'kudzalowa yomangamanga. Pamenepo mayi ayenera kusonyeza zomwe zinachitika m'banjamo: kodi anawonjezera zipinda, anamanga mpanda, anathandiza kubweza ngongole yotsala? Popanda zotere, nyumbayo itha kutsala kwa mwini wake. Ndipo zonsezi n'chimodzimodzi mbali inayo. Mayi namwino kapena mphunzitsi amene malipiro ake anagula nyumba asadabwe mwamuna wake wosalembedwa ntchito, yemwe anaumba njerwa ndi kuziwotcha yekha, akapatsidwa gawo, chifukwa lamulo la 2015 limanena za aliyense wa awiriwo.

Osasokoneza nkhaniyi ndi mwambo wa chikamwini. M'maukwati a mwambo umenewu mwamuna ali ndi udindo womangira mkazi wake nyumba kumudzi kwa mkaziyo, ndipo mabwalo akhala akulamula mwamuna amene sanamange kuti amange kapena apereke ndalama zake banja likatha. Umenewo ndi udindo wina. Nyumba ya kumudzi siifafaniza gawo la mayi pa nyumba ya m'tauni.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi umboni. Mayi amaima pabwalo n'kungoti "ndinavutika nayo nyumba imeneyi", pomwe bambo atulutsa mapepala a malipiro, kalata ya ngongole ndi malisiti a simenti. Woweruza sanali pa puloti paja. Mayi wathu uja ayenera kubwera ndi kabuku ka banki m'khonde kosonyeza ngongole yomwe anatenga mwezi umene ankakhoma malata, mauthenga a pafoni osonyeza ndalama zomwe anatumizira mmisiri, mmisiri mwiniyo ngati mboni, ndi ankhoswe omwe anamva bambo akunena kuti "tikumanga nyumba yathu". Anene zinthu motsatana: chaka chakuti tinagula puloti, chaka chakuti ndinalipira fizi ya ana ndekha pomwe bambo ankabweza ngongole.

Vuto lina ndi nyumba kugulitsidwa mwakabisira mlandu usanathe, kapena kusinthidwa dzina kupita kwa mchimwene wa bambo. Zizindikiro zake zimaoneka: alendo obwera kudzazungulira nyumba ndi kujambula, mapepala a nyumba kusowa m'sutikesi momwe amakhala. Zikatero, munthu atha kupempha bwalo chiletso choti nyumbayo isagulitsidwe, ndipo ngati malowo ali m'kaundula wa boma, atha kukalembetsa chenjezo ku ofesi ya zamalo kuti pasachitike kusintha dzina iye asakudziwa. Nyumba ikafika m'manja mwa wogula amene sankadziwa za mkanganowo, kuibweza kumavuta kwambiri.

Inu amayi ndi abambo amene banja lanu lafika pamenepa, musasayine pepala lililonse lonena kuti mulibe gawo pa nyumba musanaonane ndi loya. Ngati ndalama ya loya mulibe, pitani ku ofesi ya boma yopereka thandizo la maloya kwa anthu osowa, mutatenga kalata ya ukwati ndi pepala lililonse lokhudza nyumbayo lomwe mungalipeze.