Mfumu ndi wosesa pamzere umodzi: chifukwa chake Asikhi amadyetsa anthu m'nyumba yopempherera

Mumzinda wa Amritsar, kumpoto kwa India, muli khitchini imene moto wake suzima usana ndi usiku. Ili mkati mwa mpanda wa Harmandir Sahib, kachisi wamkulu wa Asikhi amene ambiri amangomutchula kuti Kachisi Wagolide. Tsiku wamba anthu oposa 50,000 amadya pamenepo, ndipo pa zikondwerero chiwerengerocho chimafika 100,000. Palibe wolipira ngakhale khobiri, palibenso wofunsidwa dzina kapena mpingo wake.

Khitchini yotereyi amaitcha langara, ndipo imapezeka m'nyumba zopempherera za Asikhi, zimene amazitcha gurudwara, kulikonse kumene zili padziko. Munthu ukangomva koyamba umaganiza kuti ndi ntchito yachifundo basi, yothandiza anjala. Chifundo chilipo ndithu, koma Asikhi eni ake amaona kuti kuphika, kugawa ndi kudya chakudyachi ndi mbali ya kupembedza. Ine ndaona kuti nkhaniyi imamveka bwino ukayamba wadziwa vuto limene langara inabwera kudzathana nalo.

Tsankho linkaonekera pa mbale

Guru Nanak, amene anayambitsa Chisikhi, anabadwa mu 1469 m'dera la Punjab. Anthu kumeneko anali ogawidwa m'magulu amene munthu amachita kubadwiramo ndipo sangatulukemo. Pamwamba panali ansembe, pansi penipeni panali osesa ndi ofufuta zikopa, amene ankaonedwa ngati odetsedwa.

Tsankholi linkalimba kwambiri pa chakudya. Munthu wa gulu lapamwamba sakanadya chimene waphika munthu wa gulu lapansi, kapena kumwa madzi a m'manja mwake. Malo ophikira ankawalembera malire n'kuwazira, ndipo munthu "wodetsedwa" akapondamo, chakudya chonse chinkayesedwa choipitsidwa. Choncho mphunzitsi akanatha kulalikira tsiku lonse kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo anthu onse ndi ofanana, omvera n'kuvomera ndi mitu, kenako aliyense n'kupita kukadya payekha monga mwa nthawi zonse.

Guru Nanak atakhazikika ku Kartarpur, komwe lero ndi ku Pakistan, otsatira ake ankalima, kupemphera ndi kudyera limodzi. Chiphunzitso chake Asikhi amachifupikitsa m'mfundo zitatu: kukumbukira dzina la Mulungu, kudya thukuta lako moona mtima, ndi kugawana ndi ena chimene wapeza. Mu langara mfundo zitatuzi zimakumana. Ufa umachokera ku zopereka za anthu ogwira ntchito, ophika amaphika akutchula dzina la Mulungu, ndipo chakudyacho chimagawidwa kwa aliyense wobwera.

Mayi wina dzina lake Mata Khivi, mkazi wa Guru wachiwiri, Angad, ndiye ankayang'anira khitchiniyi ku Khadur. Buku lopatulika la Asikhi, Guru Granth Sahib, limamutchula dzina pomuyamikira chifukwa cha ntchito imeneyi. Apa munthu umaoneratu ulemu umene ntchito ya kukhitchini inapatsidwa kuyambira pachiyambi.

Guru wachitatu, Amar Das, amene anatsogolera kuyambira 1552 mpaka 1574, anaika lamulo ku Goindwal: wofuna kuonana naye ayambe wakhala pamzere n'kudya ndi anthu onse. Mbiri imene Asikhi amafotokoza imati ngakhale mfumu yaikulu Akbar itabwera kudzamuona, inakhala pansi n'kudya ndi anthu wamba. Lamuloli linali ngati sefa. Munthu amene sakanatha kudya pafupi ndi wosesa anali asanakonzeke kumva chiphunzitsocho.

Mmene chakudya chimayendera

Tiyeni titsatire mlendo wolowa mu langara ya ku Amritsar, chifukwa chilichonse chochitika pamenepo chili ndi tanthauzo.

Amayamba wavula nsapato, kusamba m'manja ndi kufunda kumutu, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Fodya ndi mowa saloledwa kulowa nazo. Izi n'zimenenso amachita polowa m'chipinda chopempherera, kusonyeza kuti malo odyerawo nawonso ndi olemekezeka. Akamayandikira holo amalandira mbale yachitsulo ya zigawozigawo, kambale ka madzi ndi supuni, zofanana ndi za wina aliyense.

Mkati amakhala pansi, pa mkeka wautali, pamzere umene amautcha pangati. Amakhala pamene pali mpata, ndipo sasankha woyandikana naye. Kulibe tebulo la alendo olemekezeka ngati lija timaliona pa maukwati, la mbale zosweka ndi nkhuku yapadera. Ogawa amayenda pakati pa mizere atanyamula ndowa za mphodza, ndiwo zamasamba, mpunga, ndi phala lotsekemera la mpunga ndi mkaka. Chapati amachilandira ndi manja awiri atatambasula zikhatho, monga wopempha. Ine mfundo imeneyi ndi imene imandigwira mtima kwambiri: mwini mafakitale nayenso amatambasula manja, ndipo womuikira chapaticho akhoza kukhala wantchito wake.

Nyama saphika mu langara. Ena amaganiza kuti Asikhi onse sadya nyama, koma ambiri amadya kunyumba kwawo. Mu langara muli chifukwa china: Mhindu sadya ng'ombe, Msilamu sadya nkhumba ndipo amafuna nyama yozingidwa mwa mwambo wake, ena sadya nyama n'komwe. Mphodza ndi chapati aliyense amadya osafunsa mafunso. Pakanakhala miphika iwiri, mizere ikanakhalanso iwiri, tsankho lija n'kubwerera pakhomo la kuseri.

Kuseri kwa holoyo kuli khamu la anthu osenda anyezi ndi adyo, okanda ufa, otembenuza chapati pa ziwaya zikuluzikulu ndi otsuka mbale, zimene zimadutsa m'madzi kangapo. Alipo antchito olembedwa, aliponso makina opangira chapati pamene anthu achuluka, koma ntchito yambiri amagwira ndi anthu ongodzipereka. Ntchito yosalipidwayi amaitcha seva. Asikhi amaphunzitsa kuti chotchinga chachikulu pakati pa munthu ndi Mulungu ndi kudzikuza, mtima wa "ine, ine". Kutsuka mbale imene wadyera munthu wosamudziwa ndi mankhwala a matenda amenewo. N'chifukwa chake seva amaiwerenga ngati pemphero lochitidwa ndi manja, ndipo chakudya chisanagawidwe amayamba achipempherera.

Umboni woti zimenezi si nkhani ya pakamwa chabe unaoneka mu Disembala 2024. Akal Takht, bwalo lalikulu la chipembedzochi ku Amritsar, linapeza Sukhbir Singh Badal, amene anakhalapo wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Punjab, wolakwira chipembedzo. Mwa zina zimene anamulamula kuchita panali kulondera pachipata ndi kutsuka mbale za mu langara. Ntchito imene ena amaithamangira mwa kufuna kwawo, kwa iye inali njira yolapira pamaso pa anthu.

Mkangano wa mipando

Kodi kufanana kuli m'kukhala pansi, kapena m'kukhala pa msinkhu umodzi? Funsoli likumveka laling'ono, koma linagawanitsa Asikhi ku Canada.

Asikhi amene anasamukira kuchigawo cha British Columbia kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 anazolowera kudyera langara pa matebulo ndi mipando, ndipo anachita choncho zaka zambiri. Ena, makamaka obwera pambuyo pake, anati zimenezi n'zosemphana ndi mwambo wa Aguru. Mu Januwale 1997 mkanganowo unafika pa ndewu m'gurudwara ina ku Surrey, anthu n'kuvulala. Mu 1998 Akal Takht inalamula kuti langara izidyedwa anthu atakhala pansi, ndipo atsogoleri angapo a ku Canada amene anakana anachotsedwa mumpingo.

Mbali zonse ziwiri zinkanena za kufanana. Okonda mipando ankati ngati aliyense ali pampando wofanana, palibe woposa mnzake. Otsutsa ankati kukhala pansi kumadzichepetsa munthu, ndipo mipando ikangolowa, posachedwa padzakhala mpando wabwino wa munthu wamkulu. Pansi pa zonsezi panalinso kulimbirana ulamuliro wa magurudwara ndi ndalama zake. Lero m'magurudwara ambiri anthu amakhala pansi, koma m'mbali mumakhala mabenchi a okalamba ndi olumala. Ine ndimaona kuti nzeru ili pamenepo, chifukwa kukakamiza agogo a maondo opweteka kukhala pansi m'dzina la kufanana kukanakhala kuwathamangitsa pamzere.

Pamene mbale siinafike

Tisanamizane kuti langara inathetsa tsankho. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ku Punjab ndi wa magulu aja ankaonedwa apansi, amene lero amatchedwa Adaliti, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asikhi. Minda yambiri ikadali m'manja mwa magulu apamwamba. M'midzi yambiri muli magurudwara awiri kapena kuposa, aliyense wa gulu lake, ndipo ngakhale ku Britain alipo magurudwara odziwika ndi dzina la gulu. Pa nkhani ya ukwati ndiye tsankho limaonekera poyera: mabanja ambiri amafunabe mkamwini kapena mpongozi wa gulu lawo lomwe.

Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti langara ikuyenda monga inayenera? Osangoyang'ana odya okha, chifukwa kudyetsa wosauka n'kosavuta ndipo kumabweretsa mbiri yabwino. Yang'anani amene akuloledwa kugwira mphika ndi kugawa. Lamulo lakale lija linkakhudza kwambiri dzanja lophika, choncho ngati munthu wa gulu lapansi akuloledwa kudya koma osati kuphikira ena, tsankho likadalipo. Yang'ananinso ngati alendo ena akupatsidwa malo apadera kapena chakudya chosiyana, komanso ngati akuluakulu a komiti amaonekako kotsukira mbale.

Chimene chimachititsa langara kukhala yamphamvu n'chakuti imasandutsa chiphunzitso kukhala chinthu choti aliyense angachione ndi maso n'kuchiyesa. Msikhi wa gulu lapansi akasalidwa safunika kubwereka mfundo kunja. Amangoloza lamulo la Guru Amar Das n'kufunsa kuti nanga mzere uja uli kuti.

Ngati muli kufupi ndi gurudwara, kaya ku Southall mumzinda wa London kapena ku Makindu pamsewu wa Nairobi ndi Mombasa, kumene apaulendo akhala akudya kwa zaka zambiri, khomo ndi lotsegula ndipo sadzakufunsani za kutembenuka. Tengani kansalu ka kumutu, landirani chimene mungamalize chifukwa kutaya chakudya sakondwera nako, ndipo mukatha kudya funsani kumene akutsukira mbale.