Mipata ya m'chikalata ndi ntchito ya sitayilo

Lipoti lolembedwa mu Notepad kapena lokopedwa ku imelo likangolowa mu Microsoft Word limaoneka laudongo. Mavuto amayamba munthu akasintha kukula kwa zilembo: mutu umatsala wokha pansi pa tsamba, tsamba lotsatira n'kuyamba ndi malo opanda kanthu. Gwero lake ndi batani la Enter. Kwa Word, kudina Enter n'kutseka ndime, choncho mzere wopanda mawu ndi ndime ndithu, kungoti ndi yopanda kanthu.

Zonsezi zimaonekera poyera munthu akadina Ctrl+Shift+8. Pothera ndime iliyonse pamabwera chizindikiro cha ¶, ndipo mpata uliwonse pakati pa mawu umaoneka ngati kadontho. Pamene wolemba ankakankhira mutu pakati pa tsamba, timadontho timangoti ndandanda ngati nyerere.

Lipoti lovuta kwambiri ndi lomwe lili ndi ¶ pothera mzere uliwonse, ndi ¶ ziwiri pakati pa ndime. Wokonza amayamba wasunga kope lina, kenako amatsegula Find and Replace ndi Ctrl+H. M'bokosi limeneli ¶ imalembedwa ^p, ndipo kusintha kumachitika katatu:

```
^p^p  →  @@@
^p    →  (mpata umodzi)
@@@   →  ^p
```

Ndondomekoyi siyenera kusokonezedwa. Chizindikiro cha @@@ chimasunga malire a ndime pamene mizere yoduka ikulumikizidwa. Woyambira pa sitepe yachiwiri amapeza lipoti lonse lasanduka chindime chimodzi, ndipo chomupulumutsa ndi Ctrl+Z basi. Ndakatulo, ma adiresi ndi mindandanda ya mayina zimafuna kusamala, chifukwa mizere yake inadulidwa mwadala. Ndi bwino kusankha kaye ndime zokhazo zofunika kukonza. Mipata iwiriiwiri nayo imasinthidwa kukhala umodzi, mobwereza mpaka Word itanena kuti sinapezenso kanthu.

Apa mawu amaoneka othithikana, ndipo dzanja limafuna kubwerera ku Enter. M'malo mwake wokonza amadina sitayilo ya Normal ndi batani lakumanja la mausi, n'kusankha Modify, Format, kenako Paragraph. Pa Spacing, m'bokosi la After, amalemba 8 pt, ndipo ndime zonse za sitayiloyi zimatalikirana mofanana nthawi yomweyo. Wofuna kuti mzere woyamba ulowe mkati amasankha First line pa Special, osati kudina Tab.

Mitu imapatsidwa Heading 1 podina Ctrl+Alt+1. Sitayilo imeneyi imabwera kale ndi Keep with next, lamulo lomangirira mutu ku ndime yotsatira. Lamuloli limathera m'madzi ngati mzere wopanda kanthu watsalira pansi pa mutu, chifukwa mutuwo umamatirira ku mzerewo m'malo mwa mawu. Chaputala chofunika kuyambira pa tsamba latsopano chimaikidwa Page break before mu sitayilo yomweyo.

Ntchito yatheka ngati, zizindikiro zija zikuoneka, palibe ¶ yoima yokha pamzere.